Nkhope ya agogo pa tisheti ndi pa bana: kusandutsa chithunzi kukhala mizere ya vekita

*Mwezi wamawa tikuvundukula chiliza cha agogo athu aakazi, ndipo tikufuna nkhope yawo pa matisheti 60 ndi pa bana ya mamita 3. Chithunzi chomwe tili nacho n'cha pa WhatsApp. Wosindikiza wachikana, akuti tibweretse cha vekita, cha mtundu umodzi. Ndayesa pa Inkscape koma nkhope yonse ikungoda bii, pena ikutuluka timadontho tokhatokha. Ndichite bwanji? Ndine mdzukulu wawo, ku Zomba.*

Wosindikizayo sanakukanireni dala, ndipo pulogalamu yomwe mwasankhayo ndi yoyenera. Vekita yomwe akufunayo ndi chojambula chomwe kompyuta imasunga ngati mizere ndi zigamba, osati ngati timadontho ta chithunzi, choncho chimakula popanda kusweka. Vuto lili pa chomwe mukuyipatsa. Matisheti ochuluka chonchi amasindikizidwa pa sikirini, nsalu yoluka mopyapyala ngati sefa wa ufa yomwe amaikunga pa felemu. Mabowo ena amawatseka ndi mankhwala, ena amawasiya, ndipo inki imadutsa pomwe pali potseguka basi. Ndiye kuti pamalo aliwonse a tisheti pali zinthu ziwiri zokha: inki ilipo kapena palibe. Chithunzi cha kamera sichili choncho. Pa tsaya limodzi lokha pamakhala mithunzi yambirimbiri, kuyambira powala mpaka pakuda. Wina ayenera kugamula kuti apa pakhala inki, apa payera, ndipo batani la Inkscape losandutsa chithunzi kukhala mizere silidziwa kuti ili ndi diso, ili ndi duwa la pa chitenje. Limangotsata malire a chakuda ndi choyera monga mwalipatsira. Chigamulocho ndi chanu, ndipo chimachitika musanatsegule n'komwe Inkscape.

Yambani ndi kusakasaka chithunzi chenicheni. WhatsApp imachepetsa zithunzi ndi kuzifinya, ndipo kufinyako kumasiya timabokosi ting'onoting'ono m'mphepete mwa maso ndi milomo. Maso a munthu amatinyalanyaza, koma pulogalamu imatitola tonse, n'chifukwa chake mukuona timadontho tija. Funsani m'banjamo yemwe anajambula kapena yemwe akusunga chithunzi cha papepala. Ngati chili m'foni ya wina, akutumizireni posankha `Document`, chifukwa njira imeneyo fayilo imafika monga ilili. Ngati n'cha papepala, pitani nacho pa sikana ndipo muwauze aike 600 dpi. Chithunzi cha masentimita 10 kwa 15 chimatuluka ndi mapikiselo, timadontho tomwe timapanga chithunzi pa kompyuta, pafupifupi 2,360 kwa 3,540, ndipo nkhope ya masentimita atatu m'kati mwake imakhala ndi mapikiselo oposa 700 m'lifupi. Sikana ikasowa, chijambuleni ndi foni pakhonde masana, pamthunzi, osayatsa nyali ya kamera, foniyo italunjika bwinobwino pamwamba pa pepala.

Chomwe muyenera kuwerenga si kukula kwa chithunzi chonse koma mapikiselo a nkhope yokha, kuchokera khutu ili kufika khutu linalo. Tinene kuti ndi 300, ndipo nkhopeyo idzakhala masentimita 20 pa tisheti. Pikiselo iliyonse ikuimira pafupifupi mamilimita 0.7, kutanthauza kuti ndi yaikulu kuposa mzere wopyapyala womwe sikirini imatha kusindikiza. Chikope cha diso chikhoza kukhala mapikiselo awiri okha, ndipo palibe pulogalamu yomwe ingatulutsemo mzere wabwino. Ine ndikaona nkhope ili pansi pa 300 sinditaya nthawi ndi batani, ndimajambula pamanja motsata chithunzicho. Ikafika 700 kapena 800, njira yomwe ndifotokoze apa imayenda bwino.

Musanagwire china chilichonse, muimbireni wosindikizayo mumufunse zinthu zitatu: asindikiza ndi sikirini kapena adula vinilo ndi kumata ndi makina otentha, matishetiwo ndi a mtundu wanji, ndipo chithunzicho chidzakula bwanji pachifuwa. Mayankho ake ndi omwe adzalamulire kunenepa kwa mizere ndi mbali yomwe ilandire inki. Pano nditenga kuti ndi sikirini, ndipo chithunzi chidzakhala masentimita 25 m'lifupi, womwe ndi mlingo wabwino pa tisheti ya munthu wamkulu.

Ntchito yaikulu ili mu GIMP, pulogalamu inanso yaulere. Dulani chithunzi kuti patsale mutu ndi mapewa. Zonse za kumbuyo, kaya ndi khoma, mtengo wa mango kapena phewa la munthu wina, zizungulireni ndi `Free Select` n'kuzipaka zoyera. Kenako kulitsani ndi `Image > Scale Image` kuti m'lifupi mukhale mapikiselo 3,000. Kukulitsaku sikuwonjezera chilichonse chomwe kamera sinagwire, koma kumapatsa mizere malo okhotera mosalala, ndipo kumapepukitsa masamu: mapikiselo 3,000 pa masentimita 25 ndiye kuti milimita imodzi ili ndi mapikiselo 12.

Tsopano za kuda kwa nkhope kuja. Kompyuta imayeza kuwala ndi manambala, 0 pa chakuda bii mpaka 255 pa choyera mbee. Podula chithunzi kuti chikhale cha mitundu iwiri, imaika malire chapakatikati, cha m'ma 127: chilichonse cha pansi pa malirewo chimada, cha pamwamba chimayera. Khungu lathu, makamaka munthu akajambulidwa m'nyumba kapena dzuwa lili kumsana kwake, limagwera lonse pansi pa malirewo. Mphumi, masaya, maso ndi milomo zimalowa m'chigamba chimodzi chakuda, n'kungotsala mano ndi duku. Mukatsitsa malirewo kuti nkhope iwale, duku ndi bulauzi yoyera zimasowa. Nambala imodzi siingakwanire chithunzi chonse.

Pali njira ziwiri zomwe ndimaziphatikiza. Yoyamba ndi kusankha bwino pochotsa mitundu. M'malo mongosandutsa chithunzi kukhala chotuwa, pitani pa `Colors > Components > Extract Component` musankhe `RGB Red`. Khungu lofiirira lili ndi kufiira kochuluka kuposa kubiriwira, choncho mu gawo limeneli nkhope imaoneka yowala, pomwe nsidze, mboni za maso ndi mphuno zimakhalabe zakuda. Mwapeza kale kusiyana komwe mumafuna musanakhudze china. Kenako tsegulani `Colors > Levels` ndi kukoka kachizindikiro kapakati, kuchokera pa 1.00 kupita cha ku 1.6 kapena 2.0, mpaka mphumi ndi masaya ziwale koma maso asafufutike.

Yachiwiri ndi kugawa chithunzi m'zigawo: nkhope payokha, duku palokha, chovala pachokha. Musanadule, salazani pang'ono chithunzi chonse ndi `Filters > Blur > Gaussian Blur`, mapikiselo atatu kapena anayi. Zimaoneka ngati mukuwononga, koma ndi zomwe zimapha timabokosi tija ndi kupangitsa kuti malire a mithunzi atuluke okhota bwino, osati a manomano. Ndiye zungulirani nkhope yokha ndi `Free Select`, tsegulani `Colors > Threshold`, sunthani malire pang'onopang'ono mpaka agogo aonekere, vomerezani. Chitani chimodzimodzi pa duku, ndi nambala yakeyake, kenako chovala. Ngati kuwala kunachokera mbali imodzi, tsaya lina n'kukhala mumdima, yambani mwaliwalitsa tsayalo ndi chida cha `Dodge / Burn`, mopepuka, maulendo angapo, musanadule.

Zikatha izi mumakhala ndi chithunzi cha chakuda ndi choyera, koma sichinayere. Apa ndi pomwe ndimakhalitsa, ndi burashi yolimba, yakuda ndi yoyera, chifukwa apa ndi pomwe munthu amafanana ndi mwini wake kapena amasanduka mlendo. Zomwe zimanyamula nkhope ndi zochepa: chikope chapamwamba, mboni ndi kadontho koyera ka kuwala m'kati mwake, nsidze, mabowo a mphuno ndi mthunzi wa pansi pake, mzere wa pakati pa milomo, kamthunzi ka pansi pa mlomo wam'munsi, ndi mthunzi wa pansi pa chibwano womwe umalekanitsa mutu ndi khosi. Zimenezi musazikonze kuti zikongole. Ngati diso lina la agogo linali lotsinzina pang'ono, lisiyeni choncho, chifukwa ana awo amawadziwira pomwepo. Kadontho ka m'diso kaja kakafufutika, kabwezeretseni ndi burashi yoyera. Popanda iko maso amaoneka ngati mabowo.

Makwinya ndi nkhani yofuna chifundo. Pa chithunzi amakhala ofewa, koma mu inki khwinya lililonse limasanduka mzere wakuda wofanana mphamvu ndi nsidze, ndipo mukawasiya onse agogo amakalamba kuposa momwe analili. Ine ndimasiya mizere iwiri yotsika kuchokera m'mbali mwa mphuno, iwiri kapena itatu m'mbali mwa diso lililonse, ndi umodzi kapena iwiri pamphumi. Ena onse ndimafufuta. Ngati akumwetulira, chotsani mizere ya pakati pa mano, mano akhale chigawo chimodzi choyera, pokhapokha ngati anali ndi mpata pakati pa mano omwe aliyense amawakumbukira nawo. Maluwa a pa duku ndi chitenje ndiwo amabala timadontho tochuluka kuposa china chilichonse. Sungani mapindidwe atatu kapena anayi akuluakulu ndi mfundo ya duku, zinazo pakani zoyera. Mukafika apa, tumizani chithunzicho kwa amayi anu kapena azakhali, chili chaching'ono pa foni, osawauza kuti ndi ndani. Akangoti "awa ndi amayi", pitirizani. Akazengereza, kawirikawiri cholakwika chimakhala pakamwa kapena pa nsidze, ndipo kukonza pano n'kosavuta kusiyana ndi kukonza mu vekita. Sungani ngati PNG, osati JPG, kuti timabokosi tisabwerere.

Tsopano Inkscape ili ndi ntchito yochepa. Lowetsani PNG ija, isankheni, pitani pa `Path > Trace Bitmap`. Khalani pa `Single scan` ndi `Brightness cutoff`. Nambala ya `Threshold` imayambira pa 0.45, ndipo poti chithunzi chanu ndi cha mitundu iwiri kale, simufunika kuisuntha. Yofunika kusintha ndi `Speckles`, yomwe imauza pulogalamu kukula kwa timadontho toti itaye. Imayambira pa 2, yomwe ndi yochepa kwambiri pa ntchito yathu. Tawerengera kuti milimita imodzi ndi mapikiselo 12, choncho kadontho ka theka la milimita mbali zonse kali ndi mapikiselo 6 kuchulukitsa ndi 6, omwe ndi 36. Kadontho kochepera apo sikasindikizika bwino, ndiye ikani 30 kapena 40. Onetsetsani kokha kuti kadontho ka m'diso kaja n'kokulirapo kuposa pamenepo, apo ayi katayidwa limodzi ndi zinyalala. `Smooth corners` ndi `Optimize` zisiyeni monga zilili.

Mukadina `Apply`, vekita imagona pamwamba penipeni pa chithunzi chakale, moti ambiri amaganiza kuti palibe chachitika. Ikokereni pambali, mufufute chithunzi chapansicho. Kenako dinani N muone timfundo tomwe tagwira mizere. Chiwerengero chake chimaoneka pa mzere wa m'munsi mwa pulogalamu. Nkhope yokonzedwa bwino imakhala ndi timfundo mazana angapo, mwina kupitirira pang'ono chikwi chimodzi. Mukaona zikwi makumi awiri, musalimbane nato, bwererani ku GIMP mukasalaze ndi kufufuta. Pali lamulo la `Path > Simplify`, Ctrl+L, lomwe limachepetsa timfundo, koma limagwira chojambula chonse mofanana. Kamodzi n'kokwanira. Mukalibwereza katatu ngodya za maso ndi milomo zimabulungira, nkhope n'kusintha. Bwino kufufuta timfundo towonjezera pamanja m'mizere italiitali ya mapewa ndi duku, maso osawakhudza.

Ngati chithunzi chinali chaching'ono kuja, kapena mbali ina yakana kutuluka, jambulani nokha. Ikani chithunzi pa leya yapansi, chizimiritseni pang'ono, itsekeni leyayo, ndipo pa leya yapamwamba tsatani nkhope ndi cholembera chomwe chimabwera mukadina B. Ikani mfundo pokhapo pomwe mzere ukusintha njira. Mzere wozungulira mutu ukhale wonenepa, mamilimita 1.5 kapena 2, ya m'kati mwa nkhope ikhale yochepera, ndipo tsitsi, mboni ndi mthunzi wa pakhosi zikhale zigamba zodzaza. Zimadya nthawi, koma nthawi zambiri zotsatira zake zimaposa za batani. Pomaliza sankhani zonse muchite `Path > Stroke to Path` kenako `Path > Union`, kuti mizere isanduke zigawo zenizeni zomwe zimakula limodzi ndi chojambula, komanso kuti pasakhale zidutswa zosanjikizana.

Kunenepa kwa mizere kuyezedwe chojambula chili pa kukula kwake kwenikweni, masentimita 25 aja. Osindikiza ambiri amaika malire pa mamilimita 0.35, koma pa nsalu ya tisheti ine sinditsika pansi pa theka la milimita. Mzere wochepera apo umangokhala pa timabowo tiwiri kapena titatu ta sikirini, umadukaduka, kapena inki imauma m'menemo ntchito ili m'kati, matisheti oyamba n'kutuluka bwino, omaliza opanda makwinya a m'maso. Mipata yoyera ya pakati pa inki imafuna malo ochulukirapo, kuyambira mamilimita 0.7 mpaka imodzi yathunthu, chifukwa inki imafalikira pang'ono ikakanikizidwa ndipo imatseka mpata wopapatiza. Kuyeza kwake n'kosavuta: jambulani kabwalo ka theka la milimita, kapakeni kofiira, muzikayendetsa pamwamba pa mizere yomwe mukuikayikira. Pomwe kabwaloko kakutulukira mbali zonse ziwiri za mzere, nenepetsani kapena fufutani. Akakuuzani kuti adula vinilo, mizere ifike mamilimita awiri ndipo tizidutswa toima patokha tichepe kwambiri, poti munthu amachotsa zotsalira ndi kachitsulo pa tisheti iliyonse, ndipo tating'ono timamatuka pochapa.

Pali cholakwika china chomwe chimawawa kwambiri chifukwa chimaonekera matisheti onse atasindikizidwa kale. Chojambula chanu ndi cha inki yakuda pa nsalu yowala: inki ikuimira mithunzi. Banja likasankha matisheti akuda kapena abuluu wodera, n'kusindikiza fayilo yomweyo ndi inki yoyera, mithunzi ndiyo imayera. Mboni zimakhala zoyera, mano akuda, nkhope n'kumaoneka ngati ya pa filimu yosatsuka. Pa tisheti yakuda inki iyenera kugwera pomwe pali kuwala, ndipo nsaluyo ndiyo ikhale mthunzi. Kuti mutembenuze, jambulani chozungulira ngati dzira chokwanira mutu ndi mapewa, chitsitseni pansi pa chojambula, sankhani zonse ziwiri, muchite `Path > Difference`. Chotsalacho ndi mbali zowala zokha, ndipo ndicho chilandire inki yoyera. Kumbukirani kuti mizere yonse ya nkhope tsopano yasanduka mipata, ndiye iyezeninso ndi kabwalo kokulirapo ka milimita imodzi, poti inki yoyera ndi yolimba ndipo kawirikawiri amaipaka kawiri. Kuti mutsimikize, ikani bokosi lakuda kumbuyo, chojambula chikhale choyera, muone ngati agogo akuonekabe ngati munthu.

Bana ndi yosavuta, chifukwa imatuluka pa makina akuluakulu osindikiza mitundu yonse ndipo vekita imakula popanda kusweka. Chomwe chimasintha ndi mtunda wa woonera. Mukakulitsa chojambula katatu, mzere wa theka la milimita umakhala milimita imodzi ndi theka, ndipo munthu wokhala kumbuyo kwa tenti sauona. Yesani motere: chepetsani bana yonse kakhumi, ya mamita 3 kwa 1 ikhale pafupifupi masentimita 30 kwa 10, isindikizeni pa pepala la A4 chopingasa, imateni pakhoma muime mita imodzi kuchokera pamenepo. Zomwe mukuona ndi zomwe adzaone munthu woima mamita 10 kuchokera pa bana yeniyeni. Mizere ikazimirira, pangani kope lachiwiri la bana yokha, munenepetse ndi `Path > Outset` kamodzi kapena kawiri. Siyani masentimita osachepera asanu m'mphepete monse opanda nkhope kapena malemba, chifukwa m'menemo amapinda ndi kuboola mabowo a zingwe.

Dzina la agogo ndi zaka zawo muzilembe mu Inkscape momwemo, osati pa chithunzi, ndipo mukawerenga kawiri ndi wina wa m'banja, sankhani malembawo muchite `Path > Object to Path`. Kompyuta ya wosindikiza ikakhala kuti ilibe mtundu wa zilembo zomwe mwagwiritsa ntchito imaika zina, mizere n'kusuntha, ndipo chilembo ngati ŵ chikhoza kusanduka kabokosi. Sungani fayilo yanu ya Inkscape, ya SVG, yogwirira ntchito, koma kwa wosindikiza pititsani PDF kudzera pa `File > Save a Copy`, poti ambiri amagwiritsa ntchito CorelDRAW kapena Illustrator ndipo PDF imatseguka bwino m'mapulogalamu onsewo. Fayilo ya sikirini ikhale yakuda kotheratu, `#000000`, ngakhale inki idzakhale yoyera, chifukwa chakudacho chimangosonyeza pomwe inki idutse. Lembani mtundu wa inki, mtundu wa tisheti ndi masentimita m'dzina la fayilo.

Musanatumize, tsegulani `View > Display Mode > Outline`. Vekita yeniyeni imaoneka ngati timizere topyapyala totsata nkhope yonse. Mukaona bokosi lokhala ndi mizere iwiri yopingasana, ndiye kuti chithunzi chakale chikadali m'katimo, ndipo chifufutidwe. Kuika JPG mu PDF sikuisandutsa vekita, ndipo mafayilo ambiri omwe osindikiza amabweza amakhala otero. Maonekedwe omwewa amaululanso timadontho totsalira tomwe simumationa.

Pomaliza pake, gwirizanani ndi wosindikiza kuti ayambe watulutsa tisheti imodzi, muione ndi maso musanamulole kupitiriza. Yang'anani kadontho ka m'diso, mpata wa pakati pa chikope ndi nsidze, ndi mizere ya m'mbali mwa maso. Ngati mipata yatsekeka, m'pempheni achepetse inki kapena agwiritse ntchito sikirini yoluka mothinana. Zikakanika, kulitsani mipatayo mu fayilo apange sikirini ina. Mupatseni ntchitoyi kukadali sabata ziwiri kuti tsiku lifike, kuti nthawi yopanganso sikirini ikhalepo.